Kulowetsa mawu a chilankhulo china m'kanema: chomwe chimadulidwa ndi chomwe sichidulidwa

Ku Bangula, m'boma la Nsanje, chilankhulo chomwe chimamveka kwambiri pamsika, padoko ndi m'makomo ndi Chisena, ndipo pambali pake pali Chimang'anja. Koma makanema ambiri ophunzitsa zaumoyo, ulimi ndi kupewa ngozi za madzi osefukira amafika m'derali atajambulidwa m'Chingerezi kapena m'Chichewa. Kulemba mawu omasulira m'munsi mwa chithunzi sikuthandiza mokwanira, kaamba koti si onse amawerenga, ndipo ambiri amaonera pafoni yaing'ono atadzadzana anthu angapo. Njira yotsala ndi kuchotsa mawu oyamba aja ndi kulowetsapo mawu a chilankhulo cha oonera.

Ntchitoyi si yachilendo m'dziko muno. M'nyumba zoonetsera makanema m'misika, mafilimu a ku China, India ndi Nigeria akhala akuonetsedwa atalowetsedwa mawu a Chichewa. Bungwe la Access Agriculture, lomwe limafalitsa makanema ophunzitsa ulimi, lidamasulira ena mwa makanema ake a ulimi wa mpunga ndi kulimbana ndi kaufiti m'Chichewa, Chiyao ndi Chisena, ndipo adafika kwa alimi a m'chigawo cha kummwera kudzera mwa anyamata okopera anthu nyimbo ndi mafilimu. Vuto lomwe onsewa amakumana nalo ndi limodzi: chithunzi chili ndi nthawi yake yomwe sichisintha, pomwe chiganizo chomasuliridwa chimatalika kapena kufupika. Luso lonse lagona pa kudziwa mawu amene angachotsedwe kuti chiganizo chikwane, ndi amene sayenera kukhudzidwa ngakhale nthawi itachepa motani.

Mitundu itatu ya ntchitoyi

Mtundu woyamba, womwenso ndi wosavuta, ndi wa kanema amene wolankhula wake saoneka. Mawu amafotokoza zomwe manja akuchita pachithunzi, monga kuthira fetereza kapena kusamba m'manja. Apa chofunika n'chakuti chiganizo chilichonse chigwere pa chithunzi chake.

Mtundu wachiwiri ndi wa munthu amene akuoneka akulankhula, monga namwino kapena mlimi wofunsidwa mafunso. Mawu ake enieni amasiyidwa kuti amveke kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, kenaka amatsitsidwa ndipo womasulira amalankhula pamwamba pake, n'kumaliza mwini mawu asanatseke pakamwa. Oonera amadziwa kuti akumva womasulira, choncho sayembekezera kuti milomo igwirizane ndi mawu.

Mtundu wachitatu ndi wa sewero, momwe mawu atsopano amayenera kuoneka ngati akutuluka m'kamwa mwa wosewera. Umu womasulira amayang'anitsitsa malo amene milomo yatsekeka, chifukwa pamenepo payenera kugwera *m*, *b* kapena *p*. Filimu ya Yesu ya mu 1979, yomwe idamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 2,000 kuphatikizapo Chichewa, imamasuliridwa motere, ndipo omasulira ake amafananitsa kutalika kwa mzere uliwonse ndi mzere woyamba. Mtundu umenewu umadya nthawi ndi ndalama zambiri. Makanema ophunzitsa ambiri amakwanira ndi mitundu iwiri yoyamba ija, ndipo ndi imene nkhani ino yatsamirapo.

Muyeso wake ndi maphatikizo

Amene akuyamba kumene ntchitoyi amawerenga mawu a m'chiganizo, n'kuona kuti a Chichewa ndi ochepa kapena ofanana ndi a Chingerezi, ndiye n'kuganiza kuti zikwana. Koma pakamwa sipatha nthawi ndi chiwerengero cha mawu. Pamatha nthawi ndi maphatikizo, tizigawo tija timaphunzira kusukulu ya pulaimale: *ma-dzi* ali ndi maphatikizo awiri, *su-ngu-nu-la-ni* ali ndi asanu. Chingerezi chili ndi mawu ambiri a phatikizo limodzi, pomwe m'Chichewa ndi m'Chisena pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, ndipo mneni amanyamula mwininkhani, nthawi ndi ulemu m'kati mwake. N'chifukwa chake chiganizo chimodzimodzi chimakhala ndi maphatikizo ochuluka chikamasuliridwa.

Choncho ntchito imayamba ndi kuyesa liwiro la munthu amene adzawerenge. Amapatsidwa ndime ya maphatikizo 100 kuti awerenge modekha, monga momwe angalankhulire kwa agogo ake, ndipo wina amayang'ana wotchi. Akamaliza m'masekondi 20, ndiye kuti liwiro lake ndi maphatikizo asanu pa sekondi. Nambala imeneyi ndiyo imagwiritsidwa ntchito pa kanema yense. Owerenga amasiyana, kotero aliyense ayenera kuyesedwa payekha, m'chilankhulo chomwe adzawerenge.

Chachiwiri ndi kulemba mawu onse a m'kanema pamodzi ndi nthawi yomwe chiganizo chilichonse chikuyambira ndi kuthera. Mapulogalamu aulere monga Subtitle Edit amathandiza kulemba nthawizi m'fayilo ya mtundu wa SRT. Pambali pa mzere uliwonse pamalembedwanso zinthu ziwiri: nthawi yomwe chithunzi chikusinthira, ndi chomwe chikuoneka pamene mawuwo akunenedwa.

Chitsanzo cha mzere umodzi

Kolera yemwe adabuka m'dziko muno mu Malichi 2022 adapha anthu oposa 1,700, ndipo Nsanje lidali limodzi mwa maboma oyamba kukhudzidwa. Tiyerekeze tsono kuti kanema wa Chingerezi wophunzitsa kasungunulidwe ka mankhwala a Thanzi, aja obwezeretsa madzi m'thupi, akukonzedwa kuti akaonetsedwe ku Bangula. Mzere wachisanu ndi chiwiri walembedwa motere:

```
7
00:00:41,200 --> 00:00:45,200
Mix one sachet in one litre of clean water.
```

Mzerewu uli ndi maphatikizo 12 ndipo wanenedwa m'masekondi anayi. Wowerenga wathu wa maphatikizo asanu pa sekondi angathe kunena maphatikizo 20 m'nthawi imeneyi.

Kumasulira koyamba kumalembedwa mosaganizira nthawi, kuti tanthauzo lonse lioneke kaye: "Sungunulani paketi imodzi ya mankhwalawa mu lita imodzi ya madzi aukhondo." Chiganizochi n'cholondola, koma chili ndi maphatikizo 29. Chikufuna pafupifupi masekondi asanu ndi imodzi, ndipo wowerenga atakakamizidwa kuchinena m'masekondi anayi angamveke ngati woulutsa mpira.

Womasulira asanadule kalikonse, amayang'ana ngati pali nthawi yobwereka. M'chitsanzo chathu, mawu a Chingerezi akuthera pa 45.2, koma chithunzi cha mayi akutakasa madzi chikupitirira mpaka pa 46.0. Pamenepa pali masekondi 0.8 aulele. Mpata wonse wakwana masekondi 4.8, omwe ndi maphatikizo 24. Nthawi imabwerekedwa kumapeto kwa mzere, bola isadumphe posinthira chithunzi. Kubwereka kumayambiriro n'koopsa, chifukwa mawu amayamba kufotokoza chinthu chomwe maso sanachione.

Kenaka amachotsa chomwe chithunzi chikunena kale. Paketi ikuoneka m'manja mwa mayi uja ndipo dzina lake latchulidwa m'mizere ya m'mbuyo, choncho "ya mankhwalawa" angachoke. Patsala maphatikizo 24, omwe akudzaza mpata wonse osasiya popumira. Akasintha "sungunulani" kukhala "thirani", chiganizo chimatsika kufika pa 22: "Thirani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo." Kuthira si kusungunula, koma kusinthaku n'kololedwa pano chifukwa dzanja likuoneka likutakasa. Chiganizochi chitenga masekondi 4.4 ndipo chisiya 0.4 yopumira. Chikadakhala kuti chithunzi sichikuonetsa kutakasa, "sungunulani" akadayenera kukhala, ndipo nthawi ikadafunidwa kwina.

Pali njira ina yachidule imene imakopa munthu wofulumira: "Thirani paketi m'madzi aukhondo." Maphatikizo ake ndi 13 okha ndipo imakwana bwino lomwe. Koma yataya lita, yomwe ndiyo mutu wa phunziro lonse. Mayi amene wamva zimenezi angathire paketi yonse m'kapu imodzi. Mankhwala okhathamira chotero amakhala ndi mchere wochuluka ndipo angavulaze mwana amene akutsekula m'mimba, pomwe osungunulidwa m'madzi ochuluka kwambiri amachepa mphamvu. Mzere woterewu umapambana mayeso a wotchi koma umasocheretsa woonera, ndipo amene akungoyang'ana ngati mawu akugwirizana ndi chithunzi sangauzindikire.

Kuchokera pa chitsanzochi, zinthu zosadulidwa zikuoneka: manambala ndi miyeso, mawu okaniza kapena oletsa, ndondomeko ya chomwe chiyambe ndi chomwe chitsatire, ndiponso amene akuyenera kuchita chinthucho. Zodulidwa ndi mawu obwereza, mawu olumikizira ziganizo, ndi chilichonse chomwe maso akuona okha.

Ulemu nawonso sudulidwa. Kunena kuti "thira" m'malo mwa "thirani" kumapulumutsa phatikizo limodzi, koma kumasandutsa mlangizi kukhala munthu wolamula akuluakulu ngati ana. Chingerezi sichisiyanitsa *iwe* ndi *inu*, choncho womasulira ndiye amasankha, ndipo ayenera kusankha kanema asanayambe ndi kusasintha mpaka kumapeto.

Manambala amabisa kutalika kwake

Mzere wotsatira m'kanema wotere umanena kuti mankhwala otsala atayidwe pakatha maola 24. Papepala, "maola 24" ndi mawu afupi. Koma wowerenga akafika pamenepo amayenera kusankha katchulidwe. "Maola makumi awiri ndi anayi" ndi maphatikizo 13. Kutchula monga momwe anthu ambiri amanenera, "maola twente folo", ndi maphatikizo asanu ndi awiri. "Tsiku limodzi" ndi asanu okha, koma wina angamve kuti dzuwa likalowa tsiku latha, n'kutaya mankhwala omwe adasungunula madzulo omwewo. "Usana ndi usiku umodzi" akutalikirapo koma sakusiya chikaiko. Lamulo lake ndi lakuti m'pepala la wowerenga, nambala iliyonse ilembedwe m'mawu monga momwe idzatchulidwire, kuti iwerengedwe pamodzi ndi maphatikizo ena.

Womasulira asawonjezenso muyeso wake pofuna kuthandiza. Kunena kuti lita ndi mabotolo atatu a zakumwa zoziziritsa kukhosi n'kulakwitsa ngati botolo lake ndi la mamililita 300, chifukwa atatu akungokwana 900. Mabotolo awiri a mamililita 500 ndiwo amakwana lita. Kusintha kulikonse kotere kuyenera kuvomerezedwa ndi katswiri wa nkhaniyo, ndipo kugwirizane ndi chiwiya chomwe chikuoneka pachithunzi.

Palinso nkhani ya malo amene liwu lagwera. M'Chingerezi nambala imatsogola, pomwe m'Chichewa ndi m'Chisena imabwera pambuyo pa dzina: *paketi imodzi*. M'mzere wathu uja, liwu la Chingerezi lotanthauza *imodzi* likumveka sekondi yoyamba isanathe, pomwe m'Chichewa likubwera patadutsa maphatikizo asanu ndi limodzi, omwe ndi masekondi 1.2. Ngati munthu wa m'kanema wakweza chala chimodzi pachiyambi n'kuchitsitsa msanga, liwu lifika chala chitatsika kale. Zikatero chiganizo chimatembenuzidwa kuti chiyambe ndi "Paketi imodzi", mneni n'kubwera pambuyo.

Kuchoka m'Chichewa kupita m'Chisena

Nthawi zambiri kanema wa ku Chigwa cha Shire amamasuliridwa kawiri: kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa, kenaka m'Chisena. Womasulira wa Chisena ayenera kupatsidwa kumasulira koyamba kosadula kuja, kwa maphatikizo 29, pamodzi ndi kanema weniweni. Akapatsidwa kodulidwa kale, adzadulanso pamwamba pake osadziwa zomwe zidachoka.

Kufanana kwa zilankhulo ziwirizi kumanyenga. Mawu monga *madzi*, *nyumba* ndi *kumwa* ndi amodzi, ndipo ena amangosiyana pang'ono, monga *ibodzi* m'malo mwa *imodzi* ndi *pinthu* m'malo mwa *zinthu*. Izi zimapangitsa ena kuganiza kuti nthawi ya mizere ya Chichewa ikwanira Chisena popanda kuwerenganso. Koma taonani kaletsedwe: Chichewa chimati "musamwe", maphatikizo atatu, pomwe Chisena chimati "lekani kumwa", maphatikizo asanu. Kanema wa zaumoyo amadzaza ndi zoletsa, kotero kusiyana kwa maphatikizo awiri kumabwerezedwa m'mizere yambiri.

Choopsa kwambiri ndi mawu omveka mofanana koma osiyana tanthauzo. *Kulonga* m'Chisena ndi kulankhula, pomwe m'Chichewa ndi kuika katundu m'thumba. *Kukwata* m'Chisena ndi kutenga chinthu, liwu wamba la tsiku ndi tsiku, pomwe kwa Mchewa ndi liwu la kuchipinda losatchulidwa pagulu. Wowunika ntchito amene amangodziwa Chichewa angafute liwu lolondola poganiza kuti ndi lotukwana, kapena kuvomereza lolakwika chifukwa lamveka bwino m'khutu lake. N'chifukwa chake wowunika ayenera kukhala mwini chilankhulo.

Chisena chimalankhulidwanso ku Mozambique, m'zigawo monga Sofala ndi Tete, ndipo pamndandanda wa zilankhulo za dziko lapansi cha ku Malawi chili ndi chizindikiro `swk` pomwe cha ku Mozambique chili ndi `seh`. Cha ku Mozambique chimabwereka mawu ambiri ku Chipwitikizi ndipo chimalembedwa mosiyanako, monga kugwiritsa ntchito *c* pomwe kuno timalemba *ch*. Wowerenga wa ku Bangula, amene adaphunzira kuwerenga m'Chichewa, amapunthwa pa kalembedwe kosazolowereka, ndipo kupunthwa kulikonse kumadya nthawi. Pepala lake lilembedwe m'kalembedwe komwe maso ake adazolowera.

Pojambula mawu

Mzere uliwonse umajambulidwa paokha, wowerenga akuonera chithunzi ndi kumva mawu oyamba aja m'makutu. Chigwa cha Shire chimatentha kupitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo fani, jenereta ndi malata olira ndi dzuwa zonse zimalowa m'maikolofoni. M'mawa kwambiri ndiyo nthawi yabwino, m'chipinda chotchingidwa ndi mabulangete kuti mawu asabwerere kuchokera kukhoma.

Mzere ukapitirira pang'ono, pulogalamu ya Audacity ili ndi chida chotchedwa Change Tempo chomwe chimafulumizitsa mawu popanda kuwasandutsa a mwana. Kufulumizitsa ndi magawo asanu pa 100 alionse kumatsitsa masekondi 4.4 kufika pafupifupi pa 4.2 ndipo khutu silizindikira kwenikweni. Kukayandikira magawo 10, mawu amayamba kumveka achilendo. Mzere wofuna zoposa apo ulembedwenso.

Ndi bwinonso kupempha eni kanema fayilo ya nyimbo ndi phokoso la zochitika yopanda mawu a anthu. Popanda fayiloyi, kuchotsa mawu oyamba kumachotsanso kulira kwa madzi ndi kwa supuni, ndipo kanema amakhala zii pakati pa ziganizo. Posakaniza, nyimbo itsitsidwe kwambiri, chifukwa sipika ya foni imakwirira mawu a munthu msanga. Mawu akatha kusakanizidwa, angalumikizidwe ndi chithunzi popanda kuchiwononga pogwiritsa ntchito lamulo ili:

```
ffmpeg -i kanema.mp4 -i chisena.wav -map 0:v -map 1:a -c:v copy -c:a aac watsopano.mp4
```

Kuzindikira chomwe chalakwika

Mawu ndi chithunzi zikasemphana, choyamba ndi kuona ngati kusemphanako n'kofanana paliponse kapena kukukula. Ngati mawu atsalira theka la sekondi poyamba, pakati ndi kumapeto, ndiye kuti fayilo ya mawu idangoikidwa pamalo olakwika, ndipo kuisuntha kamodzi kumathetsa vuto. Ngati poyamba zikugwirizana koma kumapeto zasiyana kwambiri, gwero lake kawirikawiri ndi liwiro la zithunzi. Kanema ndi zithunzi zoima zomwe zimadutsa mofulumira, 24 pa sekondi m'mafilimu ambiri ndi 25 pa wailesi za kanema za kuno. Kanema wa mphindi 10 wa zithunzi 24 akayendetsedwa pa 25 amatha m'mphindi 9 ndi masekondi 36. Amene adalemba nthawi pa kope lina n'kuika mawu pa kope linzake adzapeza kuti kumapeto mawu atsalira ndi masekondi 24. Njira yopewera ndi kugwiritsa ntchito kope limodzi kuyambira polemba nthawi mpaka pomaliza.

Khutu la munthu limakhululukira mawu ochedwa kuposa otsogola, popeza m'chilengedwe timaona mphezi tisanamve bingu. Miyeso ya bungwe la dziko lonse loona za mauthenga, ITU, imaonetsa kuti oonera amayamba kuzindikira mawu akatsogola ndi magawo 45 pa 1,000 a sekondi, koma akachedwa amazindikira pa magawo 125. Choncho pomwe pali chikaiko, mzere uchedwe pang'ono kusiyana ndi kutsogola.

Kulakwika kwa tanthauzo sikuoneka pakompyuta. Kumapezeka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kupatsa mwini chilankhulo amene sanaonepo kanema woyamba kuti amvetsere mawu atsopano okha n'kuwabwezera m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Zomwe wanena zimafananizidwa ndi mawu oyamba mzere ndi mzere, ndipo lita yotayika ija imaonekera pomwepo. Yachiwiri ndi kuonetsa kanemayo kwa anthu ochepa a m'dera lomwe akupita, pafoni yonga yomwe adzagwiritse ntchito. Funso loti "Mwamva?" silithandiza, chifukwa mwaulemu anthu amavomera. M'malo mwake amapatsidwa paketi, madzi ndi ziwiya zosiyana kukula, n'kupemphedwa kuti achite zomwe kanema wanena. Wina akatola kapu m'malo mwa chiwiya cha lita, mzere wachisanu ndi chiwiri uyenera kubwerera kwa womasulira, ngakhale utakwana bwino m'masekondi ake 4.8.